Foni mwangoiona pazithunzi: mmene mungawerengere mtengo wake popanda kudyera wina masuku pamutu

Wina akakutumizirani zithunzi zitatu za foni pa WhatsApp n'kulemba kuti "ili bwinobwino, kamng'alu kochepa chabe pakona," musathamangire kutchula mtengo umodzi. Chithunzi chimakuonetsani kunja kwa foni, ndipo nthawi zambiri chimakuonetsani mbali imene mwini wake wasankha. Chimene mungapeze kuchokera pazithunzi ndi mitengo iwiri: wapamwamba, umene mungalipire ngati zonse zimene simukuziona zili bwino, ndi wapansi, umene mungalipire ngati zina mwa izo zapezeka ndi vuto. Ntchito yonse yagona pa kupeza mitengo iwiriyi, kenako kuifinya kuti iyandikane pofunsa zithunzi zoyenera. Njira yake ndi imodzimodzi kaya ndinu wogula, wogulitsa, kapena m'bale wanu wangokupemphani kuti mumuonereko.

Tiyenda ndi foni imodzi mpaka kumapeto. Ndi Samsung Galaxy A14, imene inatuluka mu 2023, ndipo mwini wake akufuna K230,000. Pazithunzi pakuoneka mng'alu wochokera pakona yakumanja kumunsi, kona yomweyo ndi yonyotsoka pang'ono, ndipo foniyo yavekedwa kava. Ndalama zimene nditchule pano ndi zachitsanzo chabe, zoti tiwerengere limodzi. Inuyo muikepo mitengo ya sabata imene mukugulayo, chifukwa mitengo ya mafoni imayenda ndi kwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munthu anagulira foni miyezi ingapo m'mbuyo unasiya kutanthauza kanthu, ndipo aliyense amene ankawerengera kuchokera pa lisiti lakale anasokera.

Choyamba, dziwani foni yeniyeni imene mukuiwerengera

Dzina lakuti "A14" palokha silikwanira. Pali A14 ya 4G ndi A14 ya 5G, ndipo pali ya 64GB ndi ya 128GB. Kunja zimaoneka zofanana, koma mitengo yake ndi yosiyana, nthawi zina ngakhale zipangizo zokonzera sizilowana. Mupempheni wogulitsa atsegule Settings, apite pa About phone, n'kujambula sikiriniyo ndi foni ina. Pamenepo pamaoneka nambala ya mtundu wa foni. Ya 4G imayamba ndi SM-A145, ya 5G imayamba ndi SM-A146. Ajambulenso pamene palembedwa Storage kuti muone kukula kwa malo osungira zinthu.

Onetsetsani kuti wajambula ndi foni ina, osati kungotumiza sikirinishoti. Sikirinishoti ingachokere mu foni ina iliyonse, komanso siionetsa mng'alu kapena banga la pasikirini, chifukwa imajambula zimene foni ikufuna kuonetsa, osati zimene diso likuona. Foni imene theka la sikirini yake lada bii imatulutsa sikirinishoti yoyera bwinobwino.

Pa nthawi yomweyo afunseni aimbe nambala iyi ngati akuimbira munthu:

```
*#06#
```

Patuluka nambala ya IMEI, imene imazindikiritsa foniyo payokha, ya manambala 15, ndipo foni ya masimu awiri imatulutsa ziwiri. Ngati bokosi lilipo, nambala ya pabokosi ifanane ndi ya pasikirini. Ena amakana kutumiza nambala yonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Abise manambala a pakati, inu mudzaiona yonse mukakumana.

M'chitsanzo chathu, chithunzi chabwera ndipo chikuonetsa SM-A145F, 64GB. Ndiye kuti ndi ya 4G, ya malo ochepa. Mitengo ya 128GB kapena ya 5G sitiigwiritsa ntchito.

Chachiwiri, pemphani zithunzi zimene zikuyankha mafunso anu

Zithunzi zimene wogulitsa amayamba kutumiza zimakhala zoti foni ioneke yokongola, ndipo sindimuweruza nazo, aliyense wogulitsa katundu amatero. Udindo wopempha zina ndi wanu. Mungalembe motere: "Achimwene, foniyo ndaikonda. Chonde ivuleni kava, muipukute, muijambule panja pamthunzi popanda fulashi. Mundijambulire kutsogolo itazima, kutsogolo ikuyaka pa tsamba loyera, kumbuyo, m'mbali monse muwiri itagona patebulo, ndi potchajira chapafupi."

Chithunzi chilichonse pamenepa chili ndi ntchito yake. Sikirini yozima, yojambulidwa mopendekeka pang'ono kuti kuwala kuzigwa chammbali, imaonetsa kukalika ndi ming'alu imene imabisika foni ikamayaka. Sikirini yoyaka pa tsamba loyera, kuwala kutakwezedwa mpaka kumapeto, imaonetsa mabanga, mizere ndi malo achikasu. Cham'mbali foni itagona patebulo chimaonetsa ngati yapindika kapena chivundikiro chakumbuyo chatukuka. Fulashi imaphimba zonsezi ndi kuwala koyera, n'chifukwa chake timaikana. Kava nayo imabisa makona, pomwe makona ndi amene amafotokoza mmene foni inagwera.

WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, mwakuti mukachikulitsa timing'alu tating'ono timasungunuka. Apempheni atumize posankha HD, kapena atumize ngati Document. Ndipo kuti mutsimikize kuti foniyo ilidi m'manja mwawo, osati chithunzi chotola kwina, auzeni alembe liwu limene mwasankha inuyo pakapepala n'kukaika pambali pa foni pojambula. Wogulitsa woona mtima sizimutengera mphindi zisanu. Amene akuzemba pempho laling'ono ngati limeneli, kwinaku akukukakamizani kuti mutumize kaye kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti "akusungireni," musiyeni, palibe mtengo woti muwerengere.

Chachitatu, pezani mtengo wa foni yomweyo ikakhala yopanda chilema

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amayambira pa mtengo umene wogulitsa watchula n'kumatsika kuchokera pamenepo. Ngati iye wayambira kumwamba kwambiri, inu mudzasangalala kuti mwamutsitsa K30,000 chonsecho mwalipirabe mopitirira. Poyambira penipeni ndi mtengo umene foni ya mtundu womwewo, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yopanda mng'alu ndi vuto lililonse, ikugulidwira panopa kudera kwanu.

Sakani mafoni asanu kapena kuposerapo ofanana ndi yanuyo amene akutsatsidwa masiku omwewa. Tinene kuti mwapeza K150,000, K240,000, K260,000, K270,000 ndi K330,000. Chotsani wotsikitsitsa ndi wokwereratu. Wa K150,000 mwina uli ndi nkhani imene sinanenedwe, wa K330,000 ndi wa munthu amene akukumbukirabe ndalama imene anagulira. Otsalawo akuzungulira pa K260,000.

Koma imeneyi ndi mitengo yotchula, si imene anthu amalipira. Kwathu kuno munthu amatchula mtengo akudziwa kuti mudzanenerera. Choncho funsani anthu awiri okonza kapena ogulitsa mafoni kuti A14 ya 64GB yabwinobwino ikuchoka pa zingati. Muwafunse mafunso awiri: amaigulitsa zingati, ndipo iwo angaigule zingati kwa inu. Mtengo umene iwo amagulira umakhala wotsika chifukwa amafuna phindu. Mtengo wa pakati pa anthu awiri wamba umagwera pakati pa iwiriyo. Tinene kuti mwafika pa K240,000. Uwu ndiye mtengo wathu woyambira.

Onaninso mtengo wa foni yatsopano m'sitolo, osati ya mtundu womwewo wokha komanso ya Tecno, Infinix kapena itel imene ingagwire ntchito yofanana. Foni yakale ikayandikira kwambiri mtengo wa yatsopano yokhala ndi waranti, wogula aliyense woganiza bwino amasankha yatsopano, ndipo mtengo wa yakaleyo sungaime pamenepo. Malo nawonso amasintha zinthu. Ku Limbe kapena ku Lilongwe, kumene ogulitsa ndi okonza ali ambiri, mitengo imapikisana ndipo sikirini imapezeka tsiku lomwelo. Kutali ndi tawuni, pokonza muyenera kuwonjezera ya thiransipoti kapena yotumizira chipangizo pa basi.

Chachinayi, werengani chilema chilichonse, n'kuchisandutsa ndalama

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndalama zambiri zimatayika kapena kupulumuka pomwepa. Mawu akuti "mng'alu pasikirini" amatanthauza zinthu zitatu zosiyana, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Chinthu choyamba ndi pulotekita, kagalasi kopyapyala komata pamwamba. Ikang'aluka, foni ilibe vuto, mumangoichotsa n'kumata ina ndi ndalama yochepa. Pachithunzi muizindikira poona m'mphepete: pulotekita imathera pang'ono isanafike kumapeto kwa foni, ndipo mng'alu wake umathera pomwepo. Kawirikawiri pamakhala timatuza ta mpweya kapena malo otuwa motsatira mng'aluwo, ndipo m'mbali mwake mumakhala mobenthukabenthuka. Komabe musadalire diso lokha. Funsani mwachindunji ngati angaichotse n'kujambulanso. Pulotekita yong'aluka yatha kale ntchito, kotero kuichotsa sikumuonongetsa kanthu. Zimachitikanso kuti munthu amamata pulotekita yatsopano pamwamba pa galasi long'aluka kuti lisapitirire kapena lisamucheke chala. Zikatero mumaona mzere pansi pa galasi losalala, ndipo mzerewo umapitirira malire a pulotekita mpaka kukagunda felemu.

Chinthu chachiwiri ndi galasi la foni lenilenilo. Mng'alu wake umayambira pamene foni inagunda, nthawi zambiri pakona, n'kufalikira ngati nthambi. Zithunzi ndi zilembo zimaonekabe bwino pansi pake. Anthu ambiri amaganiza kuti galasi lokha ndi lotchipa kusintha, koma pa mafoni ambiri a masiku ano galasi linamatidwa pamodzi ndi sikirini, ndipo okonza ambiri amasintha chonsecho. Ndiye mtengo woti muchotse ndi wa sikirini yathunthu kuphatikiza ya ntchito, pokhapokha wokonza wanu atakutsimikizirani kuti ali ndi makina osinthira galasi lokha.

Chinthu chachitatu ndi sikirini ya m'kati. A14 ili ndi sikirini ya mtundu wa LCD. Ikavulala, pamaoneka banga lakuda ngati inki yatayikira m'kati, kapena mizere yamitundumitundu yoima kapena yopingasa, kapena kamalo kowala kuposa pena ponse. Banga la inki silichira, ndipo kawirikawiri limakula. Mafoni a sikirini ya AMOLED, monga Galaxy A15 kapena A24, amaonetsa mwina: mzere wobiriwira woonda kuchokera kumwamba mpaka pansi, banga lofiirira lomakula, kapena chithunzithunzi cha kiyibodi ndi zizindikiro za pamwamba chimene chatsalira ndipo sichichoka. Sikirini ya AMOLED imadula kwambiri kuposa ya LCD, kotero mng'alu wofanana ndendende umatsitsa mtengo wa A15 kuposa wa A14. Muzifunsa mtengo wa sikirini ya foni yeniyeniyo, osati wa "Samsung" wamba.

Mwini A14 wathu wachotsa pulotekita, ndipo mng'alu ulipobe. Watalika ngati chala chachikulu, kuchokera pakona kulowera pakati. Pa tsamba loyera palibe banga kapena mzere. Ndiye kuti ndi galasi, sikirini ya m'kati ili moyo. Mwatumiza chithunzicho kwa okonza awiri. Wina wati K55,000, wina K70,000, zonse pamodzi ndi ntchito. Kusiyanaku kawirikawiri kumachokera pa mtundu wa sikirini imene akufuna kuikayo, ndipo ndi bwino kufunsa. Yotchipa imatha kukhala yosawala mokwanira padzuwa kapena yochedwa kumva chala.

Kodi muchotse ndalama yonse ya sikirini, pomwe foni ikugwirabe ntchito? Wogulitsa adzanena kuti iye wakhala akuigwiritsa ntchito choncho popanda vuto, ndipo akhoza kukhala akunena zoona. Maganizo anga ndi awa. Ngati kamng'alu ndi kakafupi, kali pakona penipeni ndipo sikafika pamene chala chimayenda, chilungamo ndi kuchotsa pafupifupi theka la mtengo wa sikirini, chifukwa ogula ambiri sadzaikonza n'komwe. Koma mng'alu ukalowa pakati ngati uwu, umakula foni ikakhala m'thumba la thalauza, umalowetsa fumbi ndi chinyezi, ndipo tsiku lina udzakonzedwa basi. Pamenepo chotsani yonse. Muwonjezerenso kena pang'ono, chifukwa foni yosinthidwa sikirini sibwerera pa mtengo wa foni imene sinatsegulidwepo, komanso ndinu amene mudzayende ulendo wa kwa wokonza n'kukhala tsiku opanda foni. Pa chitsanzo chathu tiika K10,000 mpaka K15,000.

Tsopano pitani pa chithunzi cha m'mbali. Chimene mukufuna ndi mzere wowongoka. Ngati foni itagona patebulo pakuoneka kampata pakati kapena kumapeto, yapindika. Ngati chivundikiro chakumbuyo chatukuka, kapena sikirini yayamba kulekana ndi felemu mbali imodzi moti mukuona kamzere ka kuwala kapena ka guluu, nthawi zambiri batire latupa ndipo likukankha kuchokera m'kati. Batire lotupa si chilema chongotsitsira mtengo, ndi ngozi: likhoza kutentha kapena kuyaka, ndipo siliyenera kutchajidwa kapena kupanikizidwa. Foni yotero iwerengereni batire latsopano pompopompo. Yopindika felemu ine sindiipatsa mtengo wa foni yoyenda, chifukwa sikirini yatsopano imavuta kukhala bwino pa felemu yopindika, komanso simudziwa chimene chachitika ku bodi la m'kati. Mtengo wake ndi wa zipangizo, umene wokonza angakuuzeni.

Kukalika kwa kumbuyo ndi makona onyotsoka sikukonzedwa, kumangotsitsa kukongola. A14 ndi ya pulasitiki kumbuyo, ndiye kukalika kumabwera msanga ndipo si nkhani yaikulu. Chotsani kochepa, K10,000 mpaka K15,000 m'chitsanzo chathu. Chimene kona yonyotsoka imakuthandizani kwambiri ndi kufananitsa nkhani. Apa kona yovulala ndi yomweyo imene mng'alu wayambira, zimene zikusonyeza kugwa kumodzi. Makona atatu kapena onse anayi akakhala ophwanyika, foniyo yakhala ikugwa kawirikawiri, ndipo mtengo wanu utsamire kumunsi.

Kulitsani chithunzi pa makamera. Kagalasi ka kamera kakang'aluka, kusintha kwake sikudula kwambiri, koma fumbi likhoza kukhala litalowa kale. Pemphani chithunzi cha khoma loyera chojambulidwa ndi foni yogulitsidwayo, madontho akuda aoneka ngati alipo. Nthunzi kapena timadontho m'kati mwa galasi la kamera ndi chizindikiro cha madzi. Potchajira pakakhala zobiriwira kapena dzimbiri, ndi madzinso. Mafoni ambiri a Samsung ndi iPhone ali ndi kachizindikiro m'bowo lolowetsa simu, kamene kamakhala koyera ndipo kamasanduka kofiira kapena ka pinki kakakhudzidwa ndi madzi. Foni yolowa madzi ikhoza kuyenda bwino lero n'kuzima mwezi wamawa, chifukwa dzimbiri limadya pang'onopang'ono, ndipo palibe wokonza amene angakuuzeni mtengo wake asanaitsegule. Ndikaona zizindikiro zimenezi ndimasiya kuwerengera.

Pomaliza pa zooneka, yang'anani ngati foni inatsegulidwapo. Guluu wotuluka m'mphepete mwa sikirini, sikirini yokwera pang'ono kuposa felemu, kapena mtundu woyera wooneka wabuluubuluu, zimasonyeza kuti inasinthidwa kale. Si tchimo, koma wogulitsa anene, ndipo mtengo utsike pang'ono.

Chachisanu, siyani malo a zimene chithunzi sichinganene

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo foni ndi yoteronso: batire lotha mphamvu, potchajira pogwedera, maikolofoni yosamveka, ndi malo ena pasikirini osamva chala, zonsezi sizioneka pachithunzi. Pa iPhone mumathandizika chifukwa mu Settings, pa Battery, pali Battery Health pamene pamalembedwa peresenti ya mphamvu yotsala, ndipo ikatsika pansi pa 80 batire lafika posinthidwa. A14 siionetsa nambala yotero poyera, ngakhale pulogalamu ya Samsung Members ili ndi poyezera pamene pamanena ngati batire lili bwino kapena lafooka. Foni imene yagwira ntchito zaka ziwiri kapena kuposa, ndi nzeru kuganiza kuti batire lake latopako. Choncho funsani wokonza mtengo wa batire ndi wa kukonza potchajira, n'kusunga ndalama ya chimodzi chachikulu mwa ziwirizo. Tinene K30,000. Ndalama imeneyi imachotsedwa pa mtengo wapansi wokha.

Pali zinthu ziwiri zimene sizilowa m'masamu chifukwa zimagwetsa mtengo wonse. Choyamba ndi akaunti ya mwini wake. Foni ya Android ikafufutidwa akaunti ya Google isanachotsedwe bwino, ikhoza kufuna pasiwedi ya mwini wakale isanatseguke, ndipo iPhone yokhala ndi Activation Lock imachita chimodzimodzi. Chachiwiri ndi ngongole. Mafoni ogulidwa molipira pang'onopang'ono amatsekedwa ndi kampani imene inabwereketsa ngati malipiro aima, ndipo loko ameneyu sachoka pofufuta foni. Funsani mosapita m'mbali ngati inagulidwa pangongole, ndipo ngati inde, aonetse umboni wakuti anamaliza. Foni imene mwini wake sakudziwa pasiwedi yake, kapena sangafotokoze kumene anaigula, ikhoza kukhala yakuba, ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Yoteroyo ilibe mtengo wapansi kapena wapamwamba.

Chachisanu ndi chimodzi, phatikizani

Mtengo wapamwamba timaupeza potenga woyambira n'kuchotsa ndalama zing'onozing'ono za chilema chilichonse. K240,000 kuchotsa K55,000 ya sikirini, kuchotsa K10,000 ya kutsika kwa foni yosinthidwa sikirini, kuchotsa K10,000 ya kona ndi kukalika, itsala K165,000.

Mtengo wapansi timachotsa ndalama zazikuluzo, n'kuwonjezera ya zosaoneka. K240,000 kuchotsa K70,000, kuchotsa K15,000, kuchotsa K15,000 ina, kuchotsa K30,000, itsala K110,000.

Ndiye kuchokera pazithunzi, foniyi ili pakati pa K110,000 ndi K165,000, osati K230,000. Taonani kuti zikanapezeka kuti yang'aluka ndi pulotekita yokha, tikanangochotsa mwina K5,000 ya pulotekita ndi K10,000 ya kona, ndipo mtengo wapamwamba ukanakhala K225,000, pafupi kwambiri ndi umene mwini wake akufuna. Chithunzi chimodzi chija cha foni yovulidwa pulotekita chinali ndi kulemera kwa K60,000. N'chifukwa chake sindivomereza kutchula mtengo uliwonse ndisanachione.

Yesaninso masamu anu kuchokera kumbali ina. Mukagula pa K165,000 n'kukonza ndi K55,000, mwaononga K220,000 pa foni imene inzake yosang'aluka ili pa K240,000. Mwapulumutsa K20,000, zimene zikulipira kona yonyotsoka, sikirini yosakhala yake ndi nthawi yanu. Mukanagula pa K200,000, mukanafika pa K255,000, kuposa foni yopanda chilema. Nthawi iliyonse pamene mtengo wogulira kuphatikiza wokonzera ukufika kapena kupitirira mtengo woyambira, mwakwera kwambiri. Ndipo ngati kukonza kokha kukupitirira theka la mtengo woyambira, foniyo yayandikira kukhala ya zipangizo.

Mtengo wapansi usausandutse chida chopanikizira munthu. Ambiri amagulitsa foni chifukwa cha fizi, lendi kapena matenda, ndipo n'zosavuta kumuuza K110,000 n'kuimirira pomwepo podziwa kuti wapanikizika. K110,000 ndi mtengo wa foni imene batire lake lapezeka lofooka. Ngati lapezeka labwino, K30,000 ija ndi yake, mubwezereni pa mtengo. Kwa wogulitsanso, kujambula mng'alu chapafupi ndi kuutchula nokha sikukutsitsirani mtengo. Kumachepetsa zimene wogula ayenera kungoganizira, ndipo mtengo wake wapansi umakwera. Lisiti, bokosi lofanana IMEI ndi tchaja yake yeniyeni zimakokeranso mtengo kumtunda.

Pomuyankha, muonetseni masamu m'malo mongotchula nambala: "Achimwene, A14 ya 64GB yopanda mng'alu ikuchoka pa K240,000. Sikirini okonza akuti K55,000 mpaka K70,000. Ndikaiona ndipo batire, potchajira ndi zina zonse zili bwino, ndikupatsani K165,000. Pakapezeka vuto lina, tichotsa mtengo wokonzera vutolo." Munthu akhoza kutsutsa nambala imodzi, mwina akudziwa wokonza wa K45,000 wodalirika, ndipo zikatero kwezani mtengo ndi K10,000 imeneyo.

Ndalama isatuluke mpaka foni ili m'manja mwanu. Kumanani masana pamalo pa anthu, ndipo ngati n'kotheka pa benchi ya wokonza mafoni. Ikanimo simu yanu m'malo onse awiri, imbani foni kuti mumve sipika ndi maikolofoni, lumikizani tchaja n'kugwedeza chingwe pang'ono kuti muone ngati ikudukiza. Pa mafoni ambiri a Samsung nambala iyi imatsegula poyezera:

```
*#0*#
```

Sankhani Touch n'kuyendetsa chala m'timabokosi tonse, makamaka mozungulira mng'alu, kenako Red, Green ndi Blue kuti muone mabanga. Onani peresenti ya batire poyamba, onerani vidiyo kwa mphindi khumi, muonenso. Ikagwa kwambiri kapena foni ikatentha kumbuyo, batire liwerengereni. Zonse zikayenda, mwini wake achotse yekha akaunti ya Google ndi ya Samsung inu mukuona, afufute foni, ndipo muiyatse mpaka ifike pa sikirini yaikulu popanda kufunsa pasiwedi ya munthu wina kapena kuonetsa uthenga wa ngongole. Mukatero lembani kapepala ka tsiku, mtengo ndi IMEI, musayine nonse awiri, kenako lipirani.